Masewera a Maphatikizo Kuno ndi Kunja

Masewera othandiza mwana kuyamba kuwerenga amatsatira kalembedwe ka chiyankhulo chake. M'Chichewa mawu amamangidwa ndi maphatikizo othera ndi limodzi mwa malembo a liwu asanu, a, e, i, o ndi u, ndipo kawirikawiri zolembedwa zimamveka monga momwe zalembedwera. Chingerezi sichitero: chili ndi malembo 26 oyimira maliwu pafupifupi 44, moti lembo limodzi limatha kumveka mosiyana m'mawu awiri. N'chifukwa chake sewero lomwe limayenda bwino ku Mangalande limatha kutsimphina likafika pakhonde la ku Dedza, pamene la ku Japani, dziko lakutali kwambiri, limalowa m'Chichewa mosavuta.

Ku Mangalande ndi ku Amereka kuli sewero lotchedwa I Spy. Mmodzi amasankha mumtima chinthu chimene onse akuchiona, n'kutchula lembo loyamba la dzina lake, ena n'kumalota. Ndi sewero lofatsa, losafuna chida chilichonse. Vuto lake m'Chichewa ndi lakuti mayina ambiri a zinthu zapakhomo amayamba mofanana. Mayi akati "chikuyamba ndi m", mwana ali ndi mpando, mphika, mbale, mtondo, mkeka ndi mpeni, ndipo m wa mbale samveka ngati m wa mpando. Sewerolo limawongoka wamkulu akatchula phatikizo lonse m'malo mwa lembo, makamaka lomaliza. Akati "chikuthera ndi ndo", mwana amasankha pakati pa mpando ndi mtondo, ndipo kuti asankhe ayenera kuwatchula mawuwo pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

Ana a ku Japani amasewera shiritori. Wina amatchula mawu, mnzake n'kutenga phatikizo lomaliza kuyambira nalo mawu ena. Kalembedwe kamene iwo amayamba kuphunzira, hiragana, kali ndi zizindikiro zazikulu 46, ndipo pafupifupi chilichonse chimayimira phatikizo lathunthu. Amene watchula mawu othera ndi n ndiye wagonja, poti palibe mawu a Chijapani oyamba ndi chizindikiro chimenecho.

M'Chichewa unyolo wotere umalukika bwino. Agogo akati galu, mdzukulu amati luso, agogo n'kuti sopo, iye poto, kenako tola, lamba, mbale, lero. Pa lero m'pamene unyolo umaduka, chifukwa mawu enieni a Chichewa sayamba ndi r. Lembo limeneli limabwera mkati mwa mawu, pambuyo pa i kapena e, monga mu bwera ndi phikira. Ku Japani msampha wotere ndi womwe umathetsa sewero, koma kwa mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi bwino kugwirizana kuti ro ndi lo ndi amodzi, unyolo n'kupitirira ndi lola. Akuluakulu ambiri sawasiyanitsa kwenikweni maliwu awiriwa poyankhula.

Zophonya za mwana mu seweroli zimauza wamkulu pamene khutu lake lafika. Akamva lamba n'kuyankha kuti bala, ndiye kuti wadula mawuwo ngati lam-ba, osati la-mba. Kumukalipira sikuthandiza. Wamkulu amangoomba m'manja kawiri akutchula la ndi mba, n'kumupatsa mawu ena ofanana nawo ngati nyumba ndi lemba. Mwana wina amasokoneza maliwu ampweya ndi opanda mpweya, n'kutenga pala ngati phala kapena kala ngati khala. Ameneyu aike chikhatho pafupi ndi pakamwa potchula mawu awiriwo: pa pha mpweya umagunda chikhatho, pa pa sugunda. Kuomba m'manja kulinso ndi pake povuta. Mbale amaombedwa kawiri, koma mpando katatu, m-pa-ndo, chifukwa m wake ndi mu wofupikitsidwa yemwe amaima payekha. Mawu otere ndi bwino kuwasungira m'tsogolo.

Masewera awiriwa ndi apakamwa pokha, ndipo mwana angathe kuwapambana asanadziwe lembo n'limodzi lomwe. Kulumikiza khutu ndi diso kumafuna china. Ku Japani komweko amagwiritsa ntchito karuta, makadi azithunzi okhala ndi chizindikiro chimodzi pakona. Wamkulu amawerenga mwambi, ana n'kulimbirana khadi la chizindikiro choyamba cha mwambiwo. Ku Italy, Maria Montessori, yemwe anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono mumzinda wa Rome mu 1907, ankadula malembo papepala lokhakhala kuti mwana azitsatira ndi chala akutchula liwu lake. Kulemba ndi chala pamchenga, komwe ana a kuno amachita pabwalo la sukulu, kumagwira ntchito yomweyo popanda kugula kanthu.

Ku Finland, komwe kalembedwe kamatsatira katchulidwe ngati m'Chichewa, Heikki Lyytinen ndi anzake a pa yunivesite ya Jyväskylä anapanga sewero la pakompyuta lotchedwa Ekapeli, lomwe kunja limadziwika kuti GraphoGame. Mwana amamva liwu, n'kusankha lembo lake pakati pa angapo omwe aoneka pagalasi. Akamakhoza, zosankha zimachuluka ndipo maphatikizo amayamba kubwera. Akamaphonya, sewerolo limafewa. Linakonzedwanso m'Chinyanja n'kuyesedwa pa mafoni ndi ana a giredi 1 ku Lusaka. Malire ake ndi akuti limaphunzitsa kulumikiza liwu ndi lembo basi. Kumvetsa nkhani kumachokera ku nthano, zilapi ndi kucheza ndi akulu.

Phada angathe kuchita zambiri mwa zimene foniyo imachita. Pansi pamajambulidwa zipinda monga mwa masiku onse, ndipo m'chipinda chilichonse mumalembedwa phatikizo limodzi ndi kamtengo kapena khala, m'malembo aang'ono chifukwa ndiwo ochuluka m'mabuku. Poyamba zipinda zisanu n'zokwanira. Zikakhala ndi ma, la, ka, ta ndi mu, mwana amaponya phale, n'kuwerenga pamene lagwera asanadumphe. Akazolowera, wamkulu amatchula mawu, iye n'kuponda zipinda motsatana: ma ndi la kupanga mala, ka ndi ma kupanga kama, la, mu ndi la kupanga lamula. Cholakwika chofala ndi kulemba ma, me, mi, mo, mu motsatana nthawi zonse. Mwana amaloweza ngati nyimbo, ndipo amamveka ngati akuwerenga pomwe maso ali kumwamba. Kuti izi zidziwike, wamkulu afufute n'kusintha malo a maphatikizo. Wowerenga zenizeni amazengereza pang'ono n'kukhoza, pamene woloweza amayimbabe mwakale.

Kufatsa kwa sewero sikudalira dziko limene lachokera. Fulaye ali ndi kugendana ndi mpira, karuta ali ndi kulandana komwe nthawi zina kumathera m'misozi, ndipo mu phada wamba woponda mzere "wafa" n'kukakhala pambali. Lamulo lotulutsa wophonya ndi limene liyenera kusinthidwa koyamba, chifukwa mwana wosadziwa maphatikizo ndiye amatuluka msanga, n'kumangoonerera anzake odziwa kale akubwereza. M'malo mwake wophonya amauzidwa phatikizolo, n'kuliwerenga mokweza, n'kuponyanso phale. Mu unyolo wa mawu, onse amawerengera limodzi kutalika kwake poika kamwala pansi pa mawu aliwonse, kuti mawa adzayese kupitirira miyala ya lero. Ana akasiyana msinkhu, wamkulupo amapatsidwa zipinda za maphatikizo olemera ngati nkha, mbwe ndi ng'o, wamng'ono n'kukhalabe pa ma ndi la.