Aona anthu 180, afunsa atatu

Imani pa msika wa Limbe Loweruka m'mawa, pafupi ndi mayi amene ayala nsapato za kaunjika. Odutsa ndi ankhaninkhani: ena akuthamangira minibasi ya ku Bangwe, ena angotsika ya ku Thyolo, ena akuzemba wilibala. Onsewa nsapatozo aziona. Koma mayiwa sawerenga odutsa. Amawerenga amene waima, watola nsapato n'kuitembenuza kuti aone ngati yadyeka kunsi.

Chodabwitsa n'chakuti mayi omwewa akajambula nsapatozo n'kuziika pa sitetasi ya WhatsApp, nzeru ija amaisiya kumsika. Tiyerekeze kuti aika zithunzi zisanu madzulo. Kutacha, kachizindikiro ka diso kakuonetsa kuti aona anthu 180, koma ofunsa ndi atatu okha. Mtima umayamba kuwawa: kaya ndi kaduka, kaya katunduyu ndi woipa.

Nambala ija ndi ya odutsa. Sitetasi ya munthu mmodzi ikatha, ya wina imatseguka yokha, ndiye wina amene amaonera zithunzi za ukwati wa msuweni wake ali m'minibasi pa Ginnery Corner amangogwera pa nsapato zanu, n'kukankha ndi chala. Foni yamulemba kuti waona. Komanso nambalayo imaperewera mbali ina, chifukwa amene anazimitsa Read receipts pa foni yake saoneka pa mndandanda ngakhale ataziyang'ana kakhumi.

Pali njira yosiyanitsira odutsa ndi oima, ndipo siifuna ndalama. Chithunzi chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Ngati choyamba chaonedwa ndi 180 koma chachisanu ndi 60, ndiye kuti 120 anatembenuka panjira, ndipo amene anafika kumapeto kwa benchi ndi 60. Atatu mwa 60 ndi mmodzi mwa 20 alionse. Wogulitsa wa pa Limbe atamafunsidwa mtengo ndi mmodzi mwa anthu 20 alionse oyang'ana, sangadandaule.

Nanga 57 otsalawo akhaliranji chete? Apa ndi pamene fanizo la msika limathera, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Kumsika mumafunsa mlendo. Akati 25,000 kwacha mumangoti "ndibweranso", n'kuchoka, nonse mukudziwa kuti simubwera. Pa sitetasi palibe mlendo, chifukwa imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana nambala: alamu, anzanu a kumvano, a banki nkhonde, aphunzitsi a mwana wanu. Munthu wotere akafunsa mtengo n'kulephera kugula, Lamulungu mukumana naye kutchalitchi. Ndiye amasankha kukhala chete, ngakhale nsapato yamusangalatsa. Ine ndimaona kuti chete wambiri wa pa sitetasi ndi wa manyazi amenewa, osati kaduka. Ndipo ogulitsa amadzitchera okha msampha akalemba kuti wofuna mtengo abwere kumbali.

Chete wina ndi wa kalendala. Pa 17 mwezi, waganyu ndi wa mu ofesi ya pa Victoria Avenue onse akuwerengera ufa ndi makala. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, malipiro asanafike. Ena amajambula chithunzicho n'kusunga, ndipo mumadzawaona pa 28 akufunsa nsapato imene munagulitsa kale. Wina amafunsa kudzera mwa mnzake, wina amangotulukira pa benchi osanena kumene anazionera.

Kuti mudziwe chete amene mwakumana naye, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Ikaninso nsapato zomwezo pa ola lomwelo, koma pa chithunzi chilichonse lembani mtengo, saizi, ndi malo okatengera, kaya pa Limbe kaya pa Wenela. Ofunsa akachuluka, vuto linali manyazi. Nthawi zina mafunso amachepa koma ofika amabwera atatumiza kale ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kumeneko si kulephera. Pakapanda kusintha, dikirani kumapeto kwa mwezi muyesenso. Mukasintha mtengo, tsiku ndi zithunzi nthawi imodzi, simudziwa chimene chagwira ntchito.

Pali chete mmodzi woopsa. Tsegulani mndandanda wa oona masabata atatu otsatizana. Ngati ndi maina omwewo, ndipo mwaika mtengo, mwezi wafika kumapeto, koma kuli zii, anthu 180 aja mwina anagula kale kapena nsapato za saizi 38 sizikuwakwana. Benchi ya pa Limbe imaona nkhope zatsopano minibasi iliyonse ikatsitsa anthu. Sitetasi imapeza munthu watsopano pokhapokha inu ndi iye mutasungirana nambala, ndiye wogula aliyense wa pa benchi muzimupempha nambala musanamupatse chenji.