Tsiku Likalakwika pa Chilengezo, Mukonze Bwanji?

Tiyerekeze kuti kwaya ya pampingo wina yakonza mwambo wa maimbidwe kuti ipeze ndalama zogulira zida. Mlembi watenga chithunzi cholengezera cha chaka chatha, wasintha chaka chokha, n'kuchiponya m'magulu a WhatsApp: "Loweruka pa 16 Ogasiti 2026, pakhomo K3,000." Mu 2025 pa 16 Ogasiti panalidi Loweruka, koma mu 2026 ndi Lamlungu. Mwambo uli Loweruka pa 15, ndipo komiti inagwirizana K5,000. Wotsatira dzina la tsiku adzafika bwino. Wotsatira nambala adzapeza mipando itabwezedwa kale.

Dzina la tsiku likasemphana ndi nambala pamakhalako mwayi, chifukwa wina watcheru amafunsa kuti, "Kodi ndi Loweruka kapena pa 16?" Funso lotere lisayankhidwe kumbali kwa wofunsayo yekha. Ngati mmodzi wafunsa, alipo ambiri amene angosankha okha chimodzi mwa ziwirizo osafunsa aliyense.

Mlembi akazindikira, mtima umathamangira kukonza mwakachetechete. WhatsApp imalola kusintha mawu a uthenga ndi Edit m'mphindi 15 zokha chiutumizireni, ndipo sichenjeza munthu kuti mawu asintha, kupatula kachizindikiro ka Edited pambali pake. Amene anawerenga kale sabwereranso. Komanso zolembedwa pachithunzi penipeni sizisinthika ndi Edit. Kufufuta ndi Delete for everyone kumatheka kwa masiku pafupifupi awiri, koma kumangogwira pagulu limene inu munaponyapo. Chithunzi chimene mayi wa chigwirizano anatumiza kwa mchemwali wawo ku Zomba, kapena chimene mnyamata anaika pa Status, chimapitirira kuyenda ndi tsiku lolakwikalo. Kufufuta n'kofunika ndithu, kuti ena asatolenso chakalecho, koma pakokha sikukonza kanthu.

Chofunika ndi uthenga watsopano woti munthu aumve ngakhale sanaone woyambawo. Mawu oti "pepani, ndi pa 15" akatumizidwa kugulu lina sanena kuti pa 15 pali chiyani. Ulembedwe motere:

"KUKONZA TSIKU NDI MTENGO: Mwambo wa maimbidwe a kwaya yathu uli Loweruka pa 15 Ogasiti 2026, kuyambira 1 koloko masana, muholo ya pampingo. Pakhomo ndi K5,000. Chilengezo choyamba chinati pa 16 ndi K3,000, chimenecho chinalakwika. Chonde tumizani uthengawu kwa aliyense amene munamutumizira choyambacho."

Zolondola zili patsogolo, ndipo zolakwika zatchulidwa kamodzi kokha, kuti amene ali ndi zilengezo ziwiri m'foni adziwe chotaya. Chithunzi chatsopano chisinthidwenso mtundu. Chikafanana ndi chakale, maso amangoti "ndinachiona kale ichi" n'kudutsa. Pagulu lamacheza ambiri uthengawo umakwiririka msanga, choncho ugwiritsidwe pamwamba ndi Pin, yomwe imausunga kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30.

Kenako komiti ikhale pansi ikumbukire njira zonse zimene chilengezo choyamba chinadzera. Ngati chinawerengedwa m'tchalitchi, chokonza chiwerengedwenso pa zolengeza za Lamlungu pa 9 Ogasiti, pakuti Lamlungu lotsatiralo mwambo udzakhala utapita. Mapepala omata pamitengo ndi pamagolosale amatulidwe, osangodula nambala ndi cholembera, chifukwa wodutsa amayesa ndi ana achita zimenezo. Makwaya oitanidwa, mlendo wolemekezeka, mwini zokuzira mawu ndi onse obwera ndi minibasi yahayala aimbiridwe foni mmodzimmodzi, ndipo woimbayo amve yankho lawo. Timizere tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti munthu wasintha dongosolo lake.

Nkhani ya mtengo ndi yowawa kuposa ya tsiku, chifukwa imakhudza chikhulupiriro. Tinene kuti anthu 40 anagula kale matikiti pa K3,000 kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Kusiyana kwake ndi K80,000. Maganizo anga ndi akuti kwaya ivomere kutaya ndalama imeneyo. Anthuwo analipira zimene anauzidwa, ndipo kuwaimika pakhomo kuti aonjezere K2,000 pamaso pa anzawo n'kuwachititsa manyazi pa mlandu umene si wawo. Uthenga wokonza unene poyera kuti tikiti yogulidwa kale ikugwirabe ntchito, ndiponso utchule tsiku ndi ola limene mtengo wa K5,000 wayambira, kuti pasakhale kukangana.

Olandira ndalama pakhomo apatsidwe mndandanda wa maina 40 amenewo, ndipo auzidwiretu chochita ndi munthu wochokera kutali amene watulutsa K3,000 yokha akuonetsa chithunzi chakale pafoni. Komiti igamule zimenezo kusanache, zisasiyidwe kwa mnyamata wa pakhomo mzere utatalika. Uthenga wokonzawo uponyedwenso Lachinayi ndi Lachisanu madzulo, nthawi imene anthu amaika padera ndalama za ulendo.