Makina osokera a pangongole: mtengo weniweni ndi uti?

Atelala ambiri a m'makonde a masitolo ku Limbe, mumsika wa Lilongwe ndi ku Mzuzu amalakalaka kusiya makina opalasa ndi phazi n'kugula amagetsi, a mtundu wa Juki kapena Jack, amene amasoka mwachangu ndipo sabwerera pansalu yolimba. Vuto ndi ndalama. Makina oterewa amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake imalumpha nthawi yomweyo. Wosunga ndalama pang'onopang'ono amapeza kuti mtengo ukumuthawa.

N'chifukwa chake ena amatenga ngongole yogulira chipangizo. Ngongole imeneyi imasiyana ndi ija ya mpamba. Wokongola salandira ndalama m'manja. Amapita kusitolo kukatenga pepala la mtengo, lotchedwa kotesheni, n'kupita nalo kubanki kapena kubungwe lobwereketsa ndalama. Akamuvomera amalipira dipoziti, ndipo bungwelo limalipira zotsalazo kusitolo mwachindunji. Makinawo ndiwo chikole cha ngongoleyo, choncho kawirikawiri safunsa nyumba kapena malo. Ubwino wake ndi umenewo. Koma pepala limene munthu amasaina lili ndi zinthu zitatu zofunika kuziwerengera asanagwire cholembera: mtengo wonse, phindu limene makinawo adzawonjezere, ndi zimene zimachitika akalephera kubweza.

Mtengo wonse, osati wa pamwezi

Wobwereketsa amakonda kutchula ndalama ya pamwezi chifukwa imamveka yochepa. Wamalonda wochenjera amafunsa ndalama yonse imene idzatuluke m'thumba mwake kuyambira tsiku losaina mpaka tsiku lomaliza.

Nachi chitsanzo, ndi manambala ongoyerekeza. Mayi wina wosoka akufuna makina a K1,200,000. Bungwe likuti alipire dipoziti ya 20 peresenti, yomwe ndi K240,000. Ngongole ndi K960,000 yotsalayo, yobweza pa miyezi 12, kutanthauza K80,000 pamwezi, chiwongoladzanja chisanawonjezedwe. Chiwongoladzanjacho amuuza kuti ndi 4 peresenti pamwezi.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa 4 peresenti imawerengedwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba, imene obwereketsa amaitcha fulati, imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole yonse yoyamba ija mwezi uliwonse, ngati kuti munthu sanabwezeko kalikonse. Ndiye 4 peresenti ya K960,000 ndi K38,400, ndipo mayiyu adzalipira ndalama imeneyi mwezi woyamba, wachisanu, ngakhale womaliza pamene ngongole yatsala K80,000 yokha. Pamwezi azipereka K118,400, ndipo chiwongoladzanja chonse chikwana K460,800.

Njira yachiwiri imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole imene yatsala. Mwezi woyamba ndi K38,400 yomweyo, koma mwezi wachiwiri ngongole yatsika kufika pa K880,000, ndiye chiwongoladzanja ndi K35,200. Chimatsika chonchi mwezi ndi mwezi mpaka K3,200 pomaliza. Chonse pamodzi ndi K249,600. Mabungwe ambiri amasalaza malipirowa kuti azifanana mwezi uliwonse, ndipo zikatero chiwongoladzanja chimakwerako pang'ono, koma sichifika n'komwe pa cha fulati.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K211,200, pa makina omwewo, miyezi yomweyo ndi 4 peresenti yomweyo. Ngakhale bungwe lina litati 7 peresenti pamwezi pa ngongole yotsala, chiwongoladzanja chake chingakwane K436,800, chocheperabe poyerekeza ndi 4 peresenti ya fulati. Choncho nambala yaing'ono siitanthauza ngongole yotchipa. Njira yodziwira ndi kupempha ndandanda ya kabwezedwe. Ngati ndalama ya chiwongoladzanja ili yofanana pamzere uliwonse, imeneyo ndi fulati. Ngati ikutsika, ikuwerengedwa pa ngongole yotsala.

Pamwamba pa izi pamabwera ndalama yokonzera mapepala ndi ya inshuwalansi. M'chitsanzochi zonse ziwiri zikhale K48,000, zolipiriratu. Mayiyu akatenga ngongole ya fulati, makina a K1,200,000 adzawagula pa K1,708,800. Ndalama yoonjezera ndi K508,800, ndipo imeneyi ndiyo ayenera kuiyerekeza ndi ya bungwe lina, kapena ndi kudikira kuti agawane ku banki m'khonde.

Makina adzilipire okha

Kulipira K508,800 yapamwamba si kulakwa ngati makinawo abweretsa ndalama yoposa pamenepo. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuwerengera phindu la bizinesi yonse. Mayiyu ali kale ndi makina a phazi, ndipo ndalama imene amapeza panopa ili kale ndi ntchito yake: lendi, ufa, fizi ya ana. Ngongole iyenera kubwezedwa ndi ntchito yoonjezera imene makina atsopano abweretse, osati ndi ya kale ija.

Ngati pa yunifolomu imodzi amatsala ndi K3,000 atachotsa ulusi, mabatani, zipi ndi magetsi, ndiye kuti K118,400 ikufuna mayunifolomu 40 oonjezera mwezi uliwonse. Pa masiku 26 ogwira ntchito, amenewa sakwana awiri patsiku, ndipo makina amagetsi angasoke zimenezi mosavuta. Funso ndi lakuti, kodi makasitomala ake alipo?

Telala amene amabweza anthu chifukwa ntchito yamuchulukira, kapena amene wataya oda ya sukulu chifukwa sakanamaliza pa nthawi yake, makina achangu amupindulira. Koma amene amakhala theka la tsiku akucheza kudikira kasitomala, vuto lake si liwiro, ndipo makina atsopano angomaliza ntchito yochepa yomweyo msanga n'kukhala. Njira yodziyesera ndi yapafupi: kwa miyezi iwiri kapena itatu, alembe m'kope ntchito iliyonse imene wakana kapena wachedwetsa, ndi phindu lake. Ngati ndalamayo siikufika pa ya pamwezi ija, nthawi ya ngongole siinakwane.

Miyezi nayo siifanana. Ogasiti ndi Seputembala, sukulu zikamatsegulira, ntchito ya mayunifolomu imachuluka. Nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi imadzaza tebulo ndi zitenje. Koma Febuluwale ndi Malichi, pamene ndalama za anthu zathera ku feteleza ndi chimanga, zosoka zimachepa, pomwe ngongole siichepa. Kuzima kwa magetsi kumadyanso masiku: makina amagetsi akaima, tsiku lobweza siliima. N'chifukwa chake atelala odziwa sagulitsa makina awo a phazi akagula amagetsi. Ndi bwinonso kutenga ngongoleyi cha mu Juni kapena Julayi, kuti miyezi ya ntchito yambiri ibwere koyambirira, n'kupatula ndalama ya miyezi iwiri, K236,800 m'chitsanzochi, yodzadutsira nthawi ya njala.

Mwini makina ndi ndani?

Makina akafika pakhonde, anthu amayamikira kuti mayi agula. Papepala nkhani imakhala ina. M'mapangano ena, makinawo amakhala a wobwereketsa mpaka ndalama yomaliza italipiridwa. M'mapangano ena amakhala a wogula, koma olembedwa ngati chikole. M'Malawi muli lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika, ndipo obwereketsa amalembetsa zikole zotere m'kaundula wa boma. M'njira zonse ziwiri, wokongola alibe ufulu wogulitsa makinawo kapena kuwapinyolitsa kwa wakatapila ngongole isanathe. Wogula makina akale kwa mnzake ayeneranso kusamala, afunse risiti yoyamba ndi kalata yosonyeza kuti ngongole inatha, chifukwa katundu wa chikole akhoza kulandidwa ngakhale ali m'manja mwa munthu wina.

Kulandidwa makina kumapweteka kwambiri ngongole ikapita patali. Mayi uja atati walipira miyezi isanu ndi iwiri n'kulephera, ndiye kuti watulutsa kale K1,116,800, kuphatikizapo dipoziti ndi zolipiriratu zija. Ngongole yotsala ndi K400,000. Bungwe likalanda makinawo limawagulitsa mwachangu ngati akale, mwina pa K600,000. Pamenepo lichotsa K400,000 yake, kenako zilango zochedwera ndi ndalama yokatengera katunduyo, mwachitsanzo K90,000. Yotsala ndi K110,000. Mayiyu watulutsa ndalama yotsala pang'ono kukwana mtengo wa makinawo, koma alibe makina. Akagulitsidwa motchipa kuposa ngongole yotsala, akhoza kutsalabe ndi ngongole, ndipo dzina lake likhoza kupita ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, kumene mabanki amayang'ana asanabwereketse munthu.

Choncho asanasaine afunse, ndipo mayankho awaone papepala: alanda akaphonya miyezi ingati, apereka chidziwitso cha masiku angati, ndipo ndalama yotsala akagulitsa imabwerera kwa ndani. Afunsenso ngati kubweza msanga kumachepetsa chiwongoladzanja, chifukwa pa ngongole zina za fulati wobweza msanga amalipirabe chonse. Akaona kuti mwezi ukubwerawo savutika yekha, apite kwa wobwereketsa tsiku lisanakwane. Kukambirana zotalikitsa nthawi kumatheka munthu asanaphonye, kumavuta akayamba kuzimitsa foni.

Makina akafa

Wobwereketsa amapereka ndalama, sakonza makina. Injini ikapsa mwezi wachitatu, ngongole imapitirira, ndipo wokadandaulira ndi wa sitolo. N'chifukwa chake pepala la galanti liyenera kunena miyezi yake ndi zimene likukhudza. Nambala yosindikizidwa pa mutu wa makina ifanane ndi yolembedwa pa risiti ndi pa pangano la ngongole. Tsiku lokatenga, telala apite ndi zidutswa za nsalu yopyapyala ndi ya jinzi, asoke pomwepo, aone ngati ulusi sukuduka kapena kudumpha. Ngati bungwe likukakamiza kugula ku sitolo imodzi, ayambe wafunsa mtengo wa makina omwewo m'masitolo ena awiri, chifukwa mtengo ukakwezedwa pa kotesheni, chiwongoladzanja chimakwera nawo. Inshuwalansi nayo aifunse bwino: ina imangobweza ngongole wokongola akamwalira, siikhudza kuba kapena moto wa mumsika.

Masamu omwewa ndi amene amagwira pa minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza, kungoti ndalama zake n'zazikulu. Wobwereketsa nthawi zambiri amasunga bulubuku ndipo amafuna inshuwalansi yokhudza ngozi zonse, yomwe ndi yodula kuposa ija yongoteteza anthu ena. Galimoto ikagona kugalaja sabata ziwiri kudikira giyabokosi, ndalama ya pamwezi imafunikabe. Woyendetsa minibasi awerengere masiku amene galimoto imayendadi pamwezi, monga telala amawerengera zovala zimene amasokadi, ndipo agwiritse ntchito mwezi woipa, osati wa Disembala.