Kalata yoyamba ya akauntanti kwa eni mashopu

Wachinyamata akamaliza maphunziro a zowerengera ndalama n'kusankha kudzilemba yekha ntchito, chovuta choyamba sichikhala masamu. Chimavuta ndi kugogoda pakhomo la munthu amene sanamuitane, n'kumupempha kuti atsegule kope lake la malonda. Kope limenelo mwini shopu salionetsa chisawawa, mwina ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wake. Muli maina a amene anatenga katundu pangongole, muli ndalama zimene zinapita kumaliro, muli zina zimene mwini wake akuopa kuti a MRA akaziona adzafunsa mafunso. Choncho imelo yoyamba ili ndi ntchito imodzi yokha: mwini shopu avomere kukumana nanu kwa mphindi makumi awiri. Amene amafuna kuti imelo yomweyo imalize mgwirizano wonse amalemba zambiri, ndipo sayankhidwa.

Tiyerekeze mtsikana amene wamaliza mayeso a dipuloma ya ICAM, bungwe la akauntanti m'Malawi muno, ndipo akufuna makasitomala ku Limbe. Asanalembe liwu lililonse ayenera kudziwa kuti akulembera yani. Eni magolosale ang'onoang'ono ambiri satsegula imelo, nkhani zawo zonse zimathera pa WhatsApp ndi pafoni. Amene amaitsegula ndi aja ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN, amene amagwiritsa ntchito Msonkho Online, kapena amene amatumiza makotesheni kusukulu ndi kumabungwe: ogulitsa zomangira nyumba, mabuku ndi zolembera, zipangizo za galimoto, mankhwala. Ma adiresi awo awatenge pa zikwangwani, pa malisiti kapena pofunsa pakauntala, osati pamndandanda umene anachoka nawo kumene ankaphunzira ntchito. Mashopu khumi amene wawaona ndi maso ake n'ngokwanira poyamba. Ndipo aliyense alandire imelo yakeyake. Akaunjika ma adiresi onse pamalo olembedwa To, wogulitsa simenti adzaona kuti mnzake wa tsidya la msewu walandiranso zomwezo, ndipo adzaganiza kuti munthu wosasunga adiresi sangasunge chinsinsi cha m'kope.

Oyamba kumene ambiri amalemba imelo ngati akufunsira ntchito kubanki. Ndime yoyamba ndi sukulu zimene anaphunzira, yachiwiri ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amadziwa, yachitatu ndi mndandanda wa ntchito khumi ndi ziwiri m'Chingerezi cha m'kalasi, kenako satifiketi zitatu zomatidwa pansi. Mayi wa shopu akuiwerenga pafoni, dzanja lina likubweza chenji, bandulo yatsala pang'ono kutha. Safika n'komwe pa ndime yachitatu. Zomata zolemera sazitsegula, ndipo imelo yochokera kwa mlendo yokhala ndi zomata ndi malinki nthawi zina imagwera ku Spam osaoneka n'komwe.

Funso limene limamusowetsa tulo mayiyu ndi lina: katundu akuyenda, anthu akugula, nanga bwanji ndalama yokawodera ikuperewera? Imelo yabwino imayambira pamenepo. Nayi imene mtsikana wathu angalembe, mutu wake uli wakuti "Kuwerengera phindu la shopu yanu mwezi ndi mwezi":

"Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Lachiwiri ndinagula penti pashopu panu ndipo ndinatenga adiresi iyi palisiti. Ine ndine wowerengera ndalama, ndili ndi dipuloma ya ICAM, ndipo ndayamba kumene kuthandiza mashopu a kuno ku Limbe.

"Ntchito yanga ndi iyi. Mwezi ukatha ndimabwera kudzaona kope la zogulitsa, malisiti a kowoda, ndi ndalama zolowa pa Airtel Money, pa Mpamba ndi kubanki. Pofika pa 10 ndimakupatsani pepala limodzi losonyeza zimene mwagulitsa, phindu lenileni, amene ali ndi ngongole zanu, ndi amene inu muli nawo ngongole. Ndalama zanu sindizigwira, PIN yanu sindiifuna, ndipo za m'kope mwanu sindiuza munthu wina. Mtengo umayambira pa K30,000 pamwezi, kutengera kuchuluka kwa malisiti.

"Kodi mungandilole ndibwere Lachinayi cha m'ma 2 koloko masana, kwa mphindi 20, ndidzakuonetseni chitsanzo cha pepalalo? Ngati nthawiyo siili bwino, kapena simukufuna ndikulembereninso, ingondiuzani pa nambala ili pansipa."

Pansi pake alembe dzina lake lonse, nambala imene ili pa WhatsApp, ndi dera limene amapezeka. Mtengo wa K30,000 ndi wongoyerekeza, tiufika posachedwa.

Chiganizo cha penti chija chikhale choona. Ngati sanagule kanthu, anene kuti anadutsa n'kuona chikwangwani. Kunena poyera kuti wayamba kumene nakonso n'kwanzeru, chifukwa Limbe anthu amadziwana, ndipo wodzitcha wa zaka zisanu pantchito amagwidwa ndi funso limodzi lokha: mumathandiza shopu ya ndani? Malamulo a khalidwe amene akauntanti amatsata amaletsa kukokomeza luso lako kapena kunyoza ntchito ya anzako pofuna makasitomala. Asadzitche dzina la udindo limene sanalifikire, asalonjeze oditi, pakuti imeneyo ndi ya okhawo amene ali ndi chilolezo chake, ndipo ndi bwino afunse ku ICAM ndi ku Malawi Accountants Board kuti maphunziro ake akumulola kugwira ntchito ziti payekha. Mawu akuti "ndidzakuchepetserani msonkho" asawalembe. Ena amawamva ngati lonjezo lobisa malonda, ndipo kasitomala wobwera ndi chiyembekezo chimenecho adzamuika m'mavuto.

Mtima wa imeloyi uli pa pepala limodzi lija, choncho mtsikanayu ayenera kupita nalo kukumana kuja litakonzedwa kale, la shopu yongopeka. Tinene kuti shopuyo inagulitsa katundu wa K1,800,000 m'mwezi, kuphatikizapo wa pangongole. Mwezi umayamba m'mashelefu muli katundu wa K2,000,000 pamtengo wowodera, anawodanso wa K1,500,000, ndipo pakutha pa mwezi munatsala wa K2,100,000. Ndiye kuti katundu amene anatuluka anawodedwa pa K1,400,000, ndipo pamwamba pake panabwera K400,000. Kuchotsapo lendi, magetsi ndi thiransipoti zokwana K220,000, phindu ndi K180,000.

Apa mwini shopu amadabwa, chifukwa m'kabati ndalama zachepa, sizinachuluke. Pepala labwino limamuyankha. Pa mwezi umenewo anatapa K150,000 ya zapakhomo, pang'onopang'ono, lero ndiwo, mawa yunifolomu. Ngongole za makasitomala zinakwera ndi K90,000. Katundu wa m'mashelefu anaonjezekera ndi K100,000, imene ndi ndalama yake ndithu koma yosanduka malata ndi misomali. Zitatuzi zikwana K340,000, pamene phindu linali K180,000, motero ndalama ya m'manja yatsika ndi K160,000. Palibe amene waba. Ine ndimaona kuti chinthu chamtengo wapatali chimene akauntanti amabweretsa pashopu yaing'ono ndi chimenechi, pakuti achinyamata ambiri ogulitsa pakauntala amaganiziridwa kuba pa ndalama zimene bwana wawo anatenga yekha osalemba. Ndipo ngati ndalama zikusowadi, pepala lomwelo ndi limene lingasonyeze.

Chitsanzochi chimaphunzitsanso za mtengo. Shopu ya phindu la K180,000 singalipire K60,000 mwezi uliwonse, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mwini wake wapeza. Komanso mtsikanayu akatchula ndalama yochepetsetsa pofuna kukopa, adzatopa mwezi wachitatu. Awerenge maola: ulendo wopita ndi wobwera, kulemba malisiti, kufananitsa kope ndi mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, kukhala pansi ndi mwini shopu kufotokoza. Shopu ya kope laudongo ingamutengere theka la tsiku, pamene ya malisiti ofufutika osungidwa m'jumbo ingamudye masiku awiri. N'chifukwa chake imelo ikuti "umayambira pa". Kubisiratu mtengo sindikuvomereza. Wamalonda amene amatchula mtengo wa chinthu kambirimbiri patsiku amakayikira munthu wosatchula wake. Asaiwalenso kufotokoza pokumana kuti kukonza miyezi yam'mbuyo imene sinalembedwe ndi ntchito ina, ya mtengo wake, ndiponso kuti kuwerenga katundu wa m'mashelefu pakutha pa mwezi ndi udindo wa mwini shopu ndi antchito ake. Popanda chiwerengero chimenecho, phindu la papepala limakhala longoganizira.

Tsiku la 10 lotchulidwa mu imelo lili ndi chifukwa chake. Msonkho wa PAYE, umene bwana amadula pa malipiro a antchito, uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo amene analembetsa VAT amapereka malipoti awo pofika pa 25. Mabuku akatha pa 10 nthawi imakhalapo yokonza zolakwika. Kwa shopu imene akudziwa kuti imadula VAT, chifukwa zimaoneka palisiti, angaonjezere chiganizo chimodzi chotchula masiku amenewa. Kwa enawo asayambe ndi za msonkho, ndipo asaopseze ndi zilango. Imelo yoopseza yochokera kwa munthu wosadziwika imafanana kwambiri ndi mauthenga a akathyali amene anthu atopa nawo pafoni, n'chifukwa chakenso chiganizo cha PIN chili mmenemo.

Za chiyankhulo, alembe m'chimene anamva mwini shopu akuyankhula pakauntala. Ku Limbe alipo amene angafune Chingerezi, ndipo asawakakamize Chichewa. Koma m'chiyankhulo chilichonse ulemu ukhale wa kwathu: "inu", "Mayi", "Bambo", ndi dzina la bambo awo ngati akulidziwa bwino kalembedwe kake. Atumize m'mawa wa pakati pa sabata, osati kumapeto kwa mwezi pamene shopu yadzaza.

Masiku asanu akadutsa osayankhidwa, zifukwa zimakhala zingapo ndipo zimadziwika. Imelo ikabwerera yokha, adiresi ndi yolakwika kapena inafa. Ikapanda kubwerera, mwina sinatsegulidwe, ndipo uthenga waufupi pa WhatsApp wonena kuti "Mayi, ndinakutumizirani imelo Lachiwiri, ndingadutse mawa?" umathetsa nkhaniyo. Akayankha kuti ali kale ndi wowalembera, athokoze n'kusiya, osafunsa kuti amalipira zingati. Akayankha ndi funso la mtengo lokha, ndiye kuti chidwi chilipo, ndipo yankho lake ndi kupempha kuona kope kaye. Chikumbutso chikhale chimodzi, kenako apite yekha nthawi ya masana makasitomala atachepa, atanyamula pepala la chitsanzo lija ndi kalata yaifupi ya mgwirizano yonena ntchito, mtengo, tsiku lolipira, ndi kuti aliyense angathe kusiya atapereka chidziwitso cha mwezi umodzi.