CV ya dalaivala wa thiraki woyenda maulendo ataliatali

CV ya dalaivala wa thiraki ndi chikalata chachifupi, cha tsamba limodzi kapena awiri, chimene chimauza wolemba ntchito galimoto zimene munthuyo amaloledwa kuyendetsa, misewu imene akuidziwa, mmene wakhala akuyendetsera komanso zipata za m'malire zimene wadutsapo ndi katundu. Amene amaiwerenga nthawi zambiri ndi mkulu woyang'anira mathiraki a kampani, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi munthuyu angapatsidwe galimoto ya ndalama zochuluka ndi katundu wa eni ake n'kukafika naye bwino ku Beira kapena ku Durban? Choncho mzere uliwonse uyenera kukhala woti angautsimikizire poimba foni kapena poona pepala. Mawu oti "ndine wolimbikira ndi wokhulupirika" sangatsimikizidwe mwa njira imeneyi, ndipo amangodya malo.

Pambuyo pa dzina ndi nambala ya foni pamabwera laisensi. Ku Malawi malaisensi amaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, motsatira magulu a m'chigawo cha SADC. Gulu C1 ndi la galimoto zolemera kuposa makilogalamu 3,500 koma osapitirira 16,000, gulu C ndi la zoposa pamenepo, pamene EC ndi la thiraki yaikulu yokoka ngolo. Ntchito zambiri za maulendo ataliatali zimafuna EC. Dalaivala alembe chilembo cha gulu lake monga chilili pa khadi, chaka chimene analipeza ndi tsiku limene laisensi idzathe. Kulemba kuti "laisensi ya galimoto zazikulu" n'kosakwanira, chifukwa woyendetsa lole ya matani asanu ndi awiri nayenso anganene chimodzimodzi. Wofunsira ntchito kunja ayenera kudziwanso kuti ku South Africa anthu ambiri amatchulabe EC kuti Code 14, pamene ku Zambia gulu lofanana nalo limalembedwa CE.

Laisensi imayendera limodzi ndi chilolezo cha woyendetsa galimoto ngati ntchito, chotchedwa PrDP. Chilembo G pa chilolezochi ndi cha katundu wamba, P ndi cha kunyamula anthu, ndipo D ndi cha katundu woopsa monga petulo, dizilo ndi gasi. Wofuna ntchito ya thanki ya mafuta alembe D poonekera, pamodzi ndi maphunziro a katundu woopsa amene anachita. Pasipoti nayo ilembedwe ndi tsiku lake lothera, popeza dalaivala amene pasipoti yake yatsala miyezi iwiri sangatumidwe kunja mpaka ataikonzetsa.

Gawo la misewu ndi limene madalaivala ambiri amadziphonyetsa. Amangondandalika maiko, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania, osasonyeza ngati anapitako kamodzi kapena akhala akuyendako zaka. Njira iliyonse ili ndi zovuta zake, ndipo wolemba ntchito amazidziwa. Wochoka ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya, Songwe ndi Karonga amakumana ndi phiri la Kitonga ku Tanzania kenako mapiri a ku Chiweta, kumene mabuleki amatentha ngati dalaivala satsika ndi giya yoyenera. Wopita ku Durban kuchokera ku Blantyre amadutsa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo ndi Beitbridge, ndipo amaoloka malire katatu. Wolowa ku Congo pa Kasumbalesa amayenera kusintha n'kuyamba kuyendetsa mbali ya kumanja kwa msewu. Ndiye njira ilembedwe ndi poyambira, podzera ndi pothera, pamodzi ndi mtundu wa galimoto ndi katundu.

Chitsanzo chingakhale dalaivala amene wagwira zaka 9 m'makampani awiri. M'kampani yoyamba anayendetsa lole ya gulu C m'dziko momwemo kwa zaka 5, ndipo zimenezi zikwana mzere umodzi. M'kampani yachiwiri wakhala zaka 4 pa thiraki yokoka ngolo, ndipo apa ndi pamene ayenera kufotokoza mokwanira: kuti ankayenda pakati pa Blantyre ndi Beira kudzera ku Mwanza, Tete ndi Inchope, pafupifupi katatu pa mwezi, popita atanyamula makontena a tiyi ndi fodya, pobwera feteleza wa matani 30. Ulendo wopita ndi kubwera pa njirayi ndi pafupifupi makilomita 1,600. Maulendo atatu pa mwezi ndi makilomita 4,800, pa chaka 57,600, ndipo pa zaka zinayi ndi pafupifupi 230,000. Nambala imeneyi ndi yodalirika chifukwa wowerenga angathe kuiwerengetsa yekha. Munthu yemweyo atalemba kuti wayenda makilomita miliyoni imodzi pa zaka zinayi, aliyense wodziwa ntchitoyi angaone msanga kuti masamu sakugwirizana, ndipo angayambe kukayika ndi zina zonse zolembedwa.

Mbiri ya chitetezo imaima pa nambala zomwezo. Dalaivala wa m'chitsanzoyu angalembe kuti pa makilomita 230,000 sanachititse ngozi, sanatayepo katundu ndipo sanalipitsidwepo pa sikelo chifukwa cholemetsa galimoto. Nanga ngati ngozi inachitikapo? Ilembedwe mwachidule: chaka, malo, chimene chinachitika ndi zimene lipoti la apolisi linapeza. Mwachitsanzo, kuti galimoto ina inamuomba kumbuyo ataima, panalibe wovulala, ndipo lipoti linasonyeza kuti wolakwa anali winayo. Kubisa sikuthandiza, chifukwa oyang'anira mathiraki amadziwana ndipo amaimbirana foni, komanso makampani ambiri ali ndi zida zolondolera galimoto zimene zimasunga liwiro ndi malo amene dalaivala anaima. Ngozi yofotokozedwa moona imapatsa munthu mwayi wodzilongosola, koma yodzatulukira pambuyo pake imathetsa ntchito. Satifiketi ya kuyendetsa modziteteza ndi zotsatira za kuyezedwa maso ndi thupi zimalowa m'gawo lomweli, chilichonse ndi chaka chake.

Pa nkhani ya malire, zipata zitchulidwe ndi maina a mbali zonse ziwiri: Mwanza ndi Zobue, Dedza ndi Calomue, Songwe ndi Kasumulu, Mchinji ndi Mwami. Koma chimene kampani imafuna kwambiri ndi kudziwa ngati dalaivala amatha kuyendetsa mapepala, popeza thiraki yoima pa chipata masiku atatu chifukwa cha chikalata chimodzi cholakwika imadya phindu la ulendo wonse. Alembe kuti amadziwa kugwira ntchito ndi maejenti a kasitomu, kuyerekeza nambala ya chomatira cha pa chitseko cha kontena ndi imene ili pa mapepala asananyamuke, kulipira msonkho wa msewu ndi kusunga malisiti. Kudziwa za inshulansi kumasonyezanso kuti munthu wayendadi. Khadi yachikasu ya COMESA imagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique pamafunika inshulansi ina yogula padera. Wodziwa Chipwitikizi kapena Chiswahili chokwanira kulankhula ndi apolisi ndi akasitomu achilembe, ngakhale CV yonse ili m'Chingerezi monga mmene makampani ambiri amafunira.

Kumapeto kumakhala anthu awiri kapena atatu ochitira umboni. Oyenera ndi amene anamutumapo pa ulendo, monga woyang'anira mathiraki kapena mkulu wa kugalaja, osati wachibale. Auzidwiretu kuti adzaimbiridwa foni, ndipo nambala zawo ziyesedwe ngati zikugwirabe. Makope a laisensi, PrDP, tsamba loyamba la pasipoti ndi chikalata cha apolisi chosonyeza kuti alibe mlandu amamangiriridwa kumbuyo kwa CV, pamene zikalata zenizeni dalaivala amazisunga yekha mpaka tsiku la mafunso ndi kuyesedwa pa msewu.