Apu kapena tsamba la pa foni: kampani ya mabasi isankhe chiti?

M'chaka cha 2015, kampani yaikulu yogulitsa katundu pa intaneti ku India, Flipkart, idatseka tsamba lake la pa foni n'kuuza makasitomala kuti aliyense wofuna kugula pa foni ayambe waika apu. Chaka chisanathe, mu Novembala, kampaniyo idabweza tsambalo ndi dzina latsopano loti Flipkart Lite. Myntra, kampani yake yogulitsa zovala, ndiyo idanyanya: idatseka ngakhale tsamba la pa kompyuta, koma nayonso idalitsegulanso mu 2016. Makampani onsewa adali ndi ndalama komanso akatswiri okwanira, ndipo mapulogalamu awo ankagwira bwino ntchito. Chidawavuta n'chakuti anthu ambiri sankafuna kuika apu pongofuna kuona mtengo wa nsapato.

Funso lomweli likuzunguza mitu eni mabizinesi ang'onoang'ono masiku ano. Tiyerekeze kampani ya mabasi oyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, yomwe ikufuna kuti apaulendo azichita zinthu zitatu zokha pa foni: kuona nthawi yonyamukira basi, kusankha mpando, ndi kulandira nambala ya tikiti. Mnyamata wodziwa zamakompyuta akafika ku ofesi, kawirikawiri mawu oyamba kutuluka pakamwa pa bwana amakhala akuti, "Tipangireni apu." Njira zilipo zitatu, ndipo apu ndi imodzi chabe.

Apu ndi pulogalamu imene munthu amaikoka ku Play Store kapena ku App Store n'kuikhazika m'foni. Tsamba la pa foni limatsegulidwa mu Chrome kapena Safari, ndipo siliikidwa paliponse. Pakati pa ziwirizi pali chimene akatswiri amachitcha PWA, dzina limene Alex Russell wa ku Google ndi Frances Berriman adapeka mu 2015. Ili ndi tsamba ndithu, koma laphunzitsidwa makhalidwe ena a apu: limakhala ndi kachizindikiro kake pa sikirini ya foni, limatseguka lokha lodzaza sikirini yonse, ndipo mbali zake zina zimagwira ntchito ngakhale netiweki itathawa.

Kusiyana kumayamba kuonekera pa mayi amene akufuna mpando wa basi ya mawa m'mawa. Ngati kampani ili ndi apu yokha, mayiyu ayenera kulowa mu Play Store, zomwe zimafuna akaunti ya Google imene mwina adamutsegulira ndi mwana wake ndipo pasiwedi yake adaiwala kalekale. Akaipeza apuyo aikoke, bandulo ikudyeka. Ngati foni yake ndi ya itel kapena Tecno yotsika mtengo, yodzaza kale ndi zithunzi za ku chinkhoswe ndi mavidiyo a magulu a WhatsApp, imuuza kuti malo atha, ayambe wafufuta zina. Akadutsa zonsezi mpamene ayambe kulembetsa dzina. Pa sitepe iliyonse ena amagwa ulesi, n'kungoimbira kondakitala amene amamudziwa.

Tsamba lilibe mtunda wautali chotere. Linki imabwera pa WhatsApp, mayi aidina, nthawi za basi zaoneka.

Kukula kwa zinthuzi kumasiyananso kwambiri. Pamene Twitter idatulutsa PWA yake, Twitter Lite, mu Epulo 2017, idanena kuti imatenga malo osafika megabayiti imodzi m'foni. Kuikoka koyamba kunkadya makilobayiti pafupifupi 600, pomwe apu ya Android ya kampani yomweyo inkafuna megabayiti 23.5, kutanthauza kuchuluka pafupifupi ka 40. Munthu wotsegula apu tsiku lililonse sadandaula ndi megabayiti zimenezo, chifukwa amazilipira kamodzi n'kuzidyerera miyezi. Koma wokwera basi ya ku Blantyre pa Khirisimasi ndi pa maliro okha amakhala walipira zambiri pa chinthu chomwe adzachifufuta sabata yamawa. Ndiye funso loyamba limene bwana ayenera kudzifunsa ndi lakuti kasitomala mmodzi azibwera kangati.

Nako kwa mwini bizinesi, apu ili ndi mitolo yake. Akaunti yoikira mapulogalamu mu Play Store ndi madola 25 olipira kamodzi, pomwe Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse, ndipo onse amafuna khadi yolipirira kunja. Amene watsegula akaunti yatsopano ya Google m'dzina lake osati la kampani ayenera kuyamba wapeza anthu 12 oti ayese apuyo kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kupita kwa anthu onse. Chaka ndi chaka Google imakwezanso mulingo wa Android umene apu iyenera kutsatira, moti apu yosiyidwa osaikonza imayamba kubisika kwa anthu a mafoni atsopano. Bwana amene adalipira wopanga apu kamodzi n'kusiyana naye amadzazindikira izi mochedwa.

Palinso mutu wina. Kampani ikasintha kalipiridwe ka tikiti, tsamba limakonzedwa pa seva kamodzi ndipo aliyense wolitsegula amapeza zatsopano. Apu imadikira kuti sitolo iivomereze, kenako idikire kuti munthu aliyense aikokenso. Ambiri adazimitsa zoti mapulogalamu azidzikonza okha poopa bandulo, ndipo ena apuyo adaipatsidwa ndi mnzawo pa Xender. Mapeto ake kampani imakhala ndi mitundu inayi kapena isanu ya apu yake m'matumba a anthu, ina yosagwirizananso ndi seva.

Nanga netiweki ikasowa, monga zimachitikira m'malo ena a msewu wa M1? Apa mpamene PWA imasiyana ndi tsamba wamba. Ili ndi tizigawo tiwiri towonjezera. Koyamba ndi kafayilo kotchedwa `manifest.json`, komwe kamauza foni dzina la tsambalo, kachizindikiro kake ndi mmene lizitsegukira. Kachiwiri ndi kapulogalamu kotchedwa `service worker`, komwe kamakhala ngati mlonda wa pachipata pakati pa tsamba ndi intaneti. Tsamba likapempha chinthu, pempholo limadzera kwa iye, ndipo iye ndi amene amasankha kukachitenga ku seva kapena kupereka chimene adasunga ulendo wapitawo. N'chifukwa chake mayi uja angathe kutsegula tikiti yake pa depoti, bandulo itatha, n'kuonetsa kondakitala nambala.

Mavuto ambiri a PWA amabadwira pomwepa. Wopanga tsamba amasankha lamulo la chinthu chilichonse: kuyamba kuyang'ana zosungidwa, kapena kuyamba kufunsa seva. Zithunzi, mitundu ndi maonekedwe a tsamba zimayenera lamulo loyamba, chifukwa sizisinthasintha ndipo zimapangitsa tsamba kutseguka msanga. Mitengo ndi nthawi za basi zimayenera lachiwiri. Wopanga akasokoneza n'kuika nthawi za basi pa lamulo loyamba, kampani itha kusuntha basi ya 7 koloko kuti izinyamuka 6 koloko, koma foni ya mayi ipitiriza kumuonetsa 7 koloko, netiweki ili bwinobwino. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchigwira: mafoni awiri atsegula tsamba lomwelo nthawi imodzi, koma akuonetsa zosiyana, ndipo yoonetsa zakale ndi imene idalitsegulapo kale. Tsamba lopangidwa mosamala, likamaonetsa zosungidwa, limalemba poyera tsiku ndi ola limene zidatengedwa.

Kusankha mpando ndi nkhani ina, ndipo apa apu ndi PWA n'chimodzimodzi. Anthu awiri opanda netiweki, wina ku Area 25 wina ku Kawale, atha kudina mpando 14 onse. Foni iliyonse payokha siidziwa za inzake. Seva yokha ndi imene ingagamule kuti mpando wapita kwa yani, choncho pulogalamu yoona mtima imalemba kuti pempho likudikira, ndipo nambala ya tikiti imabwera seva ikayankha. Wopanga apu amene akulonjeza kuti anthu azigula mipando popanda intaneti afunsidwe bwino za mpando 14.

PWA ili ndi malire enanso. Kapulogalamu kosunga zinthu kaja kamagwira ntchito pa tsamba lotetezedwa lokha, loyamba ndi `https://`. Satifiketi yake imapezeka ulere ku Let's Encrypt, koma imatha pakapita nthawi yochepa, ndipo ikapanda kukonzedwanso makasitomala amalandiridwa ndi chenjezo loopsa m'malo mwa nthawi za basi. Opera Mini, imene ambiri amaikonda posunga bandulo, siiyendetsa kapulogalamuka ikakhala pa njira yake yopanikiza deta kwambiri. Pa iPhone, Safari imatha kufufuta zosungidwa za tsamba limene munthu sanaligwiritse ntchito kwa masiku 7, pokhapokha ataliika pa sikirini podina Add to Home Screen, ndipo mauthenga okumbutsa adayamba kutheka pa masamba otere mu Malichi 2023 ndi iOS 16.4. Pomaliza pali bandulo ya WhatsApp yokha: linki imafika, koma kuidina sikutsegula kanthu. Apu nayonso siyenda pa bandulo imeneyo, kungoti amene amatukwanidwa ndi tsamba, poti ndi limene laoneka ngati lafa.

Apu imapambana mosakayikitsa pa ntchito za ogwira ntchito pakampani. Tsamba silingatsate komwe basi ili foni ya dalaivala ili m'thumba sikirini itazima, pomwe apu imatha. Kamakina kosindikiza malisiti kolumikizidwa pa Bluetooth kamamvana bwino ndi apu; Chrome ya pa Android imayesako, Safari sichita n'komwe. Kondakitala amatsegula pulogalamu yake tsiku lonse, foni ndi ya kampani, ndipo mndandanda wa apaulendo uyenera kukhalamo motsimikizika ngakhale pamene netiweki palibe. Anthu otere ndi ochepa, moti kuwaikira apu ndi ntchito ya masana amodzi mu ofesi.

Kwa kampani yathu ya mabasi, ndiye kuti apaulendo apatsidwe PWA, makondakitala ndi madalaivala apatsidwe apu ya Android, zonse zikulankhula ndi seva imodzi. Bwana akaumirira kuti dzina la kampani lioneke mu Play Store, PWA yomweyo itha kukutidwa ndi zida monga Bubblewrap kapena PWABuilder n'kuikidwamo osalembanso pulogalamu ina. Otsala ndi a mafoni a mabatani, amene apu ndi tsamba zonse siziwafika. Iwowa njira yawo ndi ya manambala odina, yomwe Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zidazoloweretsa kale anthu, ngakhale imafuna mgwirizano wolipira ndi makampani a mafoni.

Asanalipire ndalama yomaliza kwa wopanga tsamba, bwana atenge foni yotsika mtengo kwambiri mu ofesimo, osati yake. Atsegule tsambalo pa deta ya foni, agule tikiti yoyeserera, kenako aike foniyo pa Airplane mode n'kuona ngati tikitiyo ikutsegukabe. Akatero ayatse netiweki, auze kalaliki kuti asinthe mtengo wa ulendo umodzi pa seva, ndipo atsegulenso tsambalo pa foni yomweyo kuti aone ngati mtengo watsopano wafika.