KALATA YOFUNSA MAWERENGEDWE A MSONKHO WONGOYEREKEZA

Inu abambo ndi amayi amene muli ndi okala kapena kagolosale pamudzi, tamverani nkhani iyi. Tsiku lina chingakufikeni chikalata chochokera ku bungwe lotolera misonkho la MRA, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000, chonena kuti mulipire ndalama zakuti, ndipo inu poona chiwerengerocho mutu ungaime, pakuti phindu lotere simunaligwirepo m'manja chiyambire malonda anu. Ambiri amabisa chikalatacho kudenga nayesa kuti nkhani yatha. Ena amathamangira ku ofesi ndi mkwiyo. Onsewa alakwa njira.

Poyamba mudziwe gwero lake. Lamulo lilola mkulu wa misonkho kuyerekeza yekha zimene munthu wapeza, ngati munthuyo sanapereke fomu yake ya pachaka, kapena wapereka fomu imene mkuluyo sakhutira nayo. Tsono woyerekezayo salota ayi. Amagwira pa chinthu china chimene wachiona: ndalama zolowa ku banki, katundu amene munapikula kwa ogulitsa aakulu, katundu amene munalowa naye pachipata cha dziko, zimene munalemba chaka chatha, kapena zimene apeza anzanu a malonda onga anu. Pa chinthu chimenecho aikapo gawo limene aliyesa phindu. Chotero chiwerengero chonse chaima pa miyendo iwiri, ndiyo ndalama zimene akuti munagulitsa ndi gawo limene akuti ndi phindu. Simungathe kutsutsa bwino musanadziwe mwendo umene uli wothyoka, ndipo ntchito ya kalata yofunsa ndi yomweyo.

Tiyerekeze mayi wina wa golosale pamsika wa kwanu. Chikalata chamuuza kuti chaka chatha anapindula K6,000,000. Iye m'kope lake aona kuti anapikula katundu wa K18,000,000 namgulitsa K20,700,000. Zotsala ndi K2,700,000, ndipo pochotsapo lendi ya K480,000 ndi mayendedwe a K620,000, phindu lenileni ndi K1,600,000 basi. Nanga K6,000,000 yachokera kuti? Mayiyo sadziwa, ndipo asachite kulota. Alembe kalata, pamwamba aike dzina lake, dzina la golosale, nambala yake ya msonkho, ndi tsiku. Mawu ake akhale otere:

“Wolemekezeka Bwana, ndalandira chikalata chanu cha nambala yakuti, cholembedwa pa tsiku lakuti, chimene chandifika pa tsiku lakuti. Chikunena kuti m'chaka chakuti ndinapindula K6,000,000. Ndikupempha mwaulemu kuti mundifotokozere m'kalata zinthu izi. Kodi msonkho umenewu ndi wa mtundu wanji, ndipo mwaudula potsata ndime iti ya lamulo? Kodi mwayesa kuti ndinagulitsa katundu wa ndalama zingati, ndipo chiwerengerocho mwachitenga kuti? Kodi gawo la phindu mwaliika pa zingati, ndipo zimene ndinawononga poyendetsa malonda mwachotsapo ziti? Pa ndalama zonse mukufunazo, kodi msonkho weniweni ndi zingati, chilango ndi zingati, chiwongoladzanja ndi zingati? Kope langa la malonda, malisiti ndi mapepala a ku banki ndili nazo, ndipo ndidzabwera nazo tsiku limene mudzandiitana. Kalata ino ndi yofunsa chabe. Ufulu wanga wotsutsa chiwerengerochi sindinautaye. Ine wanu modzichepetsa.”

Taonani kuti m'kalatamo mulibe madandaulo a njala, a matenda kapena a sukulu fizi ya ana. Zimenezo ndi zoona, koma kalaliki sangathe kusintha nazo nambala ngakhale imodzi. Mulibenso kutukwana, mulibe kuvomera. Munthu asalembe kuti “mwina ndinapindula theka lake” pofuna kuoneka wofatsa, chifukwa mawu otere akhala umboni womutsutsa mwini.

Funso loyamba lija, la mtundu wa msonkho, musalione kuchepa. Amalonda aang'ono kwambiri adulidwa msonkho poona kuchuluka kwa zogulitsa zawo, pamene okulirapo adulidwa poona phindu. Munthu akaikidwa m'gulu losayenera, mawerengedwe onse apotoka kuyambira pachiyambi.

Tsono tinene kuti yankho labwera, ndipo likuti: ku banki kwanu kunalowa K24,000,000, ndipo tayesa gawo limodzi mwa magawo anayi kukhala phindu. Apa mayi uja maso atseguka. Atenga mapepala a ku banki nawerenga mzere ndi mzere, napeza kuti K1,500,000 inali ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo K1,800,000 anatumiza mwana wake wa ku Joni kuti amangire nyumba. Zonse pamodzi ndi K3,300,000, ndalama zosachokera m'golosale konse. Pozichotsa pa K24,000,000 zitsala K20,700,000, monga momwe kope lake linenera. Mwendo woyamba wapezeka. Wachiwiri ndi gawo la phindu lija. Aliyense wogulitsa shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira adziwa kuti pa katundu wotere munthu aonjezera pang'ono pokha, ndipo malisiti a kopikula aonetsa kuti pa K100 iliyonse mayiyo ankaikapo K15. Tsopano ali ndi zonena zogwirika, ndipo umboni wake ndi kope la gulu la banki mkhonde, timapepala ta ndalama za ku Joni, ndi malisiti.

Koma ngati mayiyo analibe kope, nataya malisiti ake m'moto, nkhani ikadamuvuta ndithu, pakuti pa milandu ya msonkho wotsutsa ndiye ayenera kuonetsa kuti chiwerengero chalakwa. Zingathekenso kuti yankho lionetse kuti ofesi yalondola, ndipo wolakwa ndi mwini golosale amene anaiwala kulemba malonda a miyezi ina. Pamenepo chotsala ndi kukapempha kulipira pang'onopang'ono.

Pali msampha umodzi umene wagwetsa ambiri, ndipo tiuneneretu momveka. Kalata yofunsa si kalata yotsutsa. Nthawi yotsutsa ndi masiku 30, ndipo masikuwo saima chifukwa inu mwafunsa funso. Werengani kuyambira tsiku lolembedwa pa chikalata, kuti musadzatsutsane ndi ofesi za tsiku limene munachilandira. Chifukwa chake kalata yofunsa ipite m'sabata yoyamba. Masiku 20 akatha yankho lisanafike, musadikirenso: lembani kalata yachiwiri yonena poyera kuti mukutsutsa, mutchule zifukwa zanu ndi ziwerengero za m'kope lanu, ndipo muonjeze kuti munafunsa mawerengedwe pa tsiku lakuti koma simunayankhidwe. Mufunsenso ngati pali gawo la ndalama loyenera kulipiriratu pamene kutsutsa kwanu kukuunikidwa. Mkulu wa misonkho akakana kutsutsako, nkhani ingapite ku bwalo lomva apilo ya misonkho, limene lamulo lake linakhazikitsidwa m'chaka cha 2021.

Kalata iliyonse muilembe pawiri. Imodzi musiye ku ofesi, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku, mubwerere nayo kwanu. Malisiti enieni musawasiye m'manja mwa munthu, perekani ojambulitsa. Ndipo wina akakutengerani pambali nati nkhaniyi ingathe ndi kangachepe, mukaneni, pakuti ndalama yoperekedwa kuseri sifafaniza ngongole m'mabuku a boma, ndipo chikalata chidzabweranso chitaonjezekera chiwongoladzanja.